Musanawonjezere dbx, yambani mwakonza fulashi yanu

Mayi wina anafika pa kashopu kanga ku Katoto m'mawa kukuwaza kamvula ka mu Juni, laputopu ataikulunga m'chitenje. Inali HP ya ku ofesi kwawo. Magetsi anathima ili mkati moika apudeti, batire inali itafa kale, ndipo kuyambira tsiku limenelo Windows inkangozungulira osalowa.

"Achimwene, malipoti onse a mwezi uno ali momwemo. Mundithandize."

"Khalani apa mayi, tiione kaye."

Ndinatulutsa fulashi yanga ya Windows 11 yomwe ndinapanga mu 2022, imene yadzutsa makompyuta ambiri muno mu Mzuzu. Ndinaibaya, n'kudina F9, n'kuisankha. Sikirini inangolemba mzere umodzi: Selected boot image did not authenticate. Ndinasintha poibaya, chimodzimodzi. Nditaiyesa pa Dell yakale imene imakhala pa tebulo langa inabuta bwinobwino. Choncho fulashi inalibe vuto. Laputopu ya mayiwo ndiyo inkaikana, ndipo inkaikana mwadala, chifukwa inauzidwa kutero.

Mndandanda umene umakhala pa bolodi

Kompyuta ikayaka Secure Boot ili yoyatsa, BIOS siyendetsa fayilo yobutira isanaone amene anaisayina. Pa fulashi fayilo imeneyi imakhala pa `EFI\BOOT\BOOTX64.EFI`. BIOS ili ndi mindandanda iwiri yoyang'anamo. Woyamba ndi db, wa masatifiketi ololedwa. Wachiwiri ndi dbx, wa zoletsedwa. Chinthu chikapezeka m'mindandanda yonse iwiri, dbx ndiyo imapambana. Fayilo ikhoza kukhala ndi siginecha yeniyeni ya Microsoft, yosakhudzidwa ndi munthu, koma ikalembedwa mu dbx njira yatsekeka basi.

Chimene chimasokoneza amisiri ambiri ndi malo amene dbx imakhala. Siili pa hadidisiki. Ili m'kachipu ka pa bolodi komwe kamasunganso BIOS. Mungafomate, mungachotse hadidisiki n'kuikamo ina yatsopano, mndandandawo uli pomwepo. Komanso apudeti ya dbx imangowonjezera mayina, sichotsa, ndipo mukachotsa apudeti mu Windows zimene inalemba pa bolodi sizifufutika.

Mu dbx mumalowa zinthu za mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika. Mukhoza kulowa hashi, yomwe ili ngati chidindo cha chala cha fayilo imodzi. Ikalowa, fayilo imodzi yokhayo ndiyo yaletsedwa. Mukhozanso kulowa satifiketi yathunthu, ndipo zikatero fayilo iliyonse imene inasayinidwa ndi satifiketi imeneyo yaletsedwa, ya chaka chatha ndi ya zaka khumi zapitazo yomwe.

Nanga n'chifukwa chiyani amaletsa mafayilo amene anawasayina okha? Fayilo yobutira ikapezeka ndi chibowo, kutulutsa ina yokonzedwa sikokwanira. Yakale ija siginecha yake ikadali yabwino, ndipo wakuba angathe kuibweretsa yekha, kuiika pa kompyuta yanu n'kulowera pa chibowo chomwecho. Mu Julayi 2020 kunadziwika chibowo cha BootHole mu GRUB2, pulogalamu imene ma Linux ambiri amabutira, ndipo pambuyo pake mafayilo ambiri akale a Linux analembedwa mu dbx. Mu 2023 kunamveka BlackLotus, kachilombo kamene kankanyamula fayilo yakale yobutira Windows n'kuigwiritsa ntchito kudumpha Secure Boot ngakhale pa Windows 11 yokhala ndi maapudeti onse. Apa Microsoft inakumana ndi vuto la malo. Hashi imodzi imadya mabayiti 48, kachipu kaja n'kochepa, ndipo mafayilo obutira Windows amene anatuluka pa zaka zonsezi ndi ochuluka kwambiri moti sangakwane. Njira imene inatsala ndi kuletsa satifiketi yonse, Microsoft Windows Production PCA 2011, n'kuyamba kusayina ndi ina, Windows UEFI CA 2023. Ndondomeko yake ili m'chikalata chawo cha KB5025885, chomwe chinayamba kutuluka mu Meyi 2023.

Tsono fulashi yanga ya 2022 inasayinidwa ndi satifiketi ya 2011 ija. Nditaimbira foni mnyamata woona za makompyuta ku ofesi ya mayiwo, anandiuza kuti malaputopu awo onse anawaikira kale chiletso chimenechi. Pa makina amenewo fulashi iliyonse ya Windows yopangidwa mwachikale singabute, ngakhale ija yokonzera imene munthu anapanga pa laputopu yomweyo isanalandire chiletso.

Kudziwa kuti ndi dbx osati fulashi yowonongeka

Fulashi yowonongeka kapena yopangidwa molakwika kawirikawiri siionekera n'komwe posankha chobutira, kapena imayamba n'kufera m'njira. Ya dbx imaonekera, koma mukangoisankha imakanidwa nthawi yomweyo, chizindikiro cha Windows chisanatuluke. HP imalemba mawu ndatchula aja. Makina a BIOS ya AMI, monga ma ASUS ambiri, amatulutsa kabokosi kofiira kolembedwa Secure Boot Violation ndi Invalid signature detected. Ena salemba kalikonse, amangobwerera pamene munasankhira, ndipo awa ndi amene amatayitsa nthawi.

Kuyesa kosavuta n'kumene ndinachita: fulashi yomweyo pa kompyuta ina. Ikabuta kwina koma apa ayi, ganizirani dbx. Ngati kompyuta yokanayo ikulowabe mu Windows, tsegulani PowerShell ndi Run as administrator mulembe izi:

```
[System.Text.Encoding]::ASCII.GetString((Get-SecureBootUEFI dbx).bytes) -match 'Microsoft Windows Production PCA 2011'
```

Ikayankha True, satifiketi yakale yaletsedwa pa makina amenewo. Lamulo lomwelo likuuzani ngati yatsopano inalowa, mukasintha `dbx` kukhala `db` ndipo dzina la kumapeto kukhala `Windows UEFI CA 2023`.

Kenako funsani fulashi kuti inasayinidwa ndi ndani. Lowani mu `efi\boot`, dinani kumanja pa `bootx64.efi`, musankhe Properties, kenako Digital Signatures, Details ndi View Certificate. Pa mzere wa Issued by mupeza dzina la satifiketi. Likakhala la 2011 pamene dbx yayankha True, mwapeza gwero la vuto, ndipo musataye bandulo kutsitsa ISO yomweyo kachiwiri.

Kwa amene mumayenda ndi fulashi ya Linux, pali uthenga wina wofanana nawo koma wochokera kwina: Verifying shim SBAT data failed: Security Policy Violation. Iyi si dbx. Ndi SBAT, njira imene a Linux anapanga chifukwa cha kuchepa kwa malo komweko, yoletsa mafayilo potengera m'badwo wake m'malo molemba hashi iliyonse. Mu Ogasiti 2024 apudeti ya Windows inaika chiletso cha SBAT pa makina ena okhala ndi Windows ndi Linux pamodzi, ndipo anthu ambiri anadzuka Linux yawo isakubuta. Mankhwala ake ndi ofanana, fulashi ya ISO yatsopano, koma mukakafufuza mu dbx simudzapezamo kanthu.

Dongosolo loyenera kutsatira

Sindikunena kuti dbx muziithawa. Kompyuta ya dbx yakale ili ndi Secure Boot ya dzina lokha, chifukwa mafayilo ambiri obowoka akadali ololedwa. Nkhani ili pa chimene chiyambe ndi chimene chitsirize.

Choyamba, tengani kiyi ya BitLocker. Malaputopu ambiri atsopano amabwera hadidisiki ili yokhomedwa mwini wake osadziwa. BitLocker imayang'ana mmene Secure Boot ilili, kuphatikizapo zimene zili mu db ndi dbx, ndipo ikaona zasintha ingathe kufunsa kiyi ya manambala 48. Ionetseni ndi lamulo ili mu PowerShell ya Run as administrator, muilembe papepala, osaisunga m'kompyuta momwemo:

```
manage-bde -protectors -get C:
```

Ine ndimaimitsanso BitLocker kwa kanthawi ndi `Suspend-BitLocker -MountPoint "C:" -RebootCount 2`. Ngati wopanga kompyutayo anatulutsa BIOS yatsopano, iikeni tsopano, chifukwa ma BIOS ena akale amalephera kulandira zosintha za Secure Boot. Ndipo musayambe ntchito imeneyi pa laputopu ya batire yakufa kapena desikitopu yopanda chosungira moto. Mukulemba pa kachipu ka bolodi, ndipo magetsi athu mumawadziwa.

Chachiwiri, lowetsani satifiketi yatsopano mu db. Windows ikhale ndi maapudeti onse. Onani kaye ndi lamulo lija lofunsira db ngati inalowa kale, poti makina ambiri amailandira okha. Ngati yayankha False, lembani izi mu PowerShell yomweyo:

```
reg add HKLM\SYSTEM\CurrentControlSet\Control\Secureboot /v AvailableUpdates /t REG_DWORD /d 0x40 /f
Start-ScheduledTask -TaskName "\Microsoft\Windows\PI\Secure-Boot-Update"
```

Dikirani pang'ono, muzimitse n'kuyatsanso, mufunsenso db. Musapitirire isanayankhe True. Gawo ili silitseka chilichonse, fulashi zakale zikubutabe.

Chachitatu, sinthani fayilo yobutira ya pa hadidisiki. Malamulo ndi awiri omwewo, koma pa `0x40` muikepo `0x100`. Mukayatsanso, tsimikizani ndi maso anu:

```
mountvol S: /s
copy S:\EFI\Microsoft\Boot\bootmgfw.efi C:\onani.efi
```

Tsegulani Properties ya `onani.efi` ngati munachitira pa fulashi. Issued by ikuyenera kunena Windows UEFI CA 2023.

Chachinayi ndicho anthu amadumpha, ndipo ndicho chinandichititsa kulemba zonsezi. Sonkhanitsani chilichonse chimene mumabutira kompyuta imeneyi ikadwala: fulashi yoikira Windows, yokonzera, ya pulogalamu yobwezeretsa zosungidwa, ya Linux yokoperapo mafayilo, ngakhale DVD ili m'kabati. Chilichonse chionedwe siginecha yake. Musaganize kuti ISO ikakhala yatsopano ndiye kuti yasayinidwa ndi satifiketi yatsopano. Ma ISO ambiri otuluka pambuyo pa 2023 anapitiriza kubutira fayilo ya 2011 kuti azigwira pa makompyuta onse, mafayilo a 2023 n'kungokhala mkati osagwiritsidwa ntchito. Microsoft inatulutsa kapulogalamu ka PowerShell kotchedwa `Make2023BootableMedia.ps1` kamene kamawatulutsa n'kuwaika pamalo pake:

```
.\Make2023BootableMedia.ps1 -MediaPath C:\ISO\Win11.iso -TargetType USB -USBDrive E:
```

Kamafufuta zonse za pa fulashi, choncho onetsetsani kuti `E:` ndi fulashi yoyenera. Kamafunanso ISO yaposachedwa. Ya 2022 ngati yanga mulibe mafayilo amenewo, ndiye palibe choti katulutse. Mukamaliza, onani Issued by, kenako butirani fulashiyo pa kompyuta yomweyo Secure Boot ili yoyatsa, mpaka muone sikirini yosankhira chilankhulo. Fulashi yosayesedwa musaiwerengere.

Fulashi yakale musaifufute ayi. Secure Boot ikakhala yoyatsa, yatsopanoyi imabuta pa makina okhawo amene db yawo ili ndi satifiketi ya 2023. Makompyuta ambiri a kaunjika amene timagula kuno, amene akhala zaka osaona intaneti, alibe, ndipo adzaikana ndi uthenga womwewo. Mmisiri afunika fulashi ziwiri. Zanga ndinazimata kapepala, ina 2011 ina 2023, ndipo zimakhala pa kachingwe kamodzi.

Chachisanu, tsopano mukhoza kuletsa. Malamulo awiri aja ndi `0x80`. Mukayatsanso, dbx iyankhe True, ndipo mu Event Viewer pansi pa System mupeza nambala 1037 yosonyeza kuti chiletso chalowa. Yesaninso fulashi zonse ziwiri: ya 2023 ibute, ya 2011 ikanidwe. Ngati muli ndi makompyuta ambiri, monga a m'kalasi kapena mu ofesi, yambani ndi imodzi pa mtundu uliwonse, igwire ntchito masiku angapo, kenako enawo.

Pa Linux ntchitoyi ndi yaifupi. Apudeti ya dbx imabwera kudzera mu fwupd, ndipo `fwupdmgr get-devices` imaionetsa ngati UEFI dbx. Ikani kaye maapudeti a shim ndi GRUB, mapulogalamu amene Linux imabutira. Pulogalamu ya fwupd ija imayamba yafufuza mafayilo obutira a pa hadidisiki, ndipo ikapeza ina imene iletsedwe imakana n'kulemba Blocked executable in the ESP. Ikatero musaikakamize, pezani fayiloyo, yomwe nthawi zambiri ndi yotsalira ya Linux ina imene munachotsa kale. Koma dziwani kuti imaona za pa hadidisiki zokha. Fulashi ili m'thumba mwanu siiona.

Ngati zachitika kale

Tibwerere kwa mayi aja. Fulashi ya 2023 ndinalibe tsiku limenelo, ndipo malipoti ankafunika. Njira yotsala inali kuthimitsa Secure Boot kwa kanthawi, chifukwa ikathima BIOS siyang'ananso dbx. Ndisanakhudze BIOS ndinapempha kiyi ya BitLocker, ndipo mnyamata wa ku ofesi uja anaitumiza pa foni ya mayiwo. Mukathimitsa Secure Boot pa makina okhomedwa mulibe kiyi m'manja, mukhoza kudzitsekera kunja, ndipo palibe mmisiri angathyole loko ameneyo.

Ndinalowa ndi F10, n'kuchotsa chizindikiro pa Secure Boot, n'kusunga. HP ikayakanso imaonetsa manambala anayi oti muwalembe potsimikiza kuti ndinu mwasintha, ndipo mukapanda kuwalemba kusinthako sikugwira. Fulashi yakale inabuta. Ndinalemba manambala 48 aja mayiwo akundiwerengera m'magulu a sikisi sikisi, hadidisiki inatseguka, ndipo malipoti onse ndinawakopera pa fulashi yawo.

Windows yokhayo inali itawonongeka kwambiri, ndiye a ku ofesi atavomera ndinaiikanso kuchokera pa fulashi yomweyo ya 2022. Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikufuna inu musadzapunthwe pomwepa. Zonse zitatha ndinayatsanso Secure Boot, ndipo uthenga uja unabwerera, ulendo uno fulashi isanabayidwe n'komwe. Fulashi yakale inali itaika fayilo yobutira yakale pa hadidisiki, yosayinidwa ndi satifiketi yoletsedwa ija, ndipo bolodi inkakana Windows yake yomwe. Zomwezi zingachitike ngakhale musanaikenso Windows, mukangoyendetsa Startup Repair kapena `bcdboot` kuchokera pa fulashi yakale n'kulemba pamwamba pa fayilo yatsopano.

Ambiri akafika apa amangosiya Secure Boot yothimitsa n'kubweza makina kwa mwini wake. Ine sindigwirizana nazo, makamaka pa laputopu ya ofesi imene eni ake anavutikira kuiteteza. Ena amathamangira Restore Factory Keys mu BIOS, yomwe imabwezera db ndi dbx mmene zinachokera ku fakitale. Zoona, fulashi yakale ibutanso, koma chiletso chonse chapita. Choopsa china n'chakuti pa kompyuta imene Windows yake ikubutira kale fayilo ya 2023, kubwezera kumeneku kungachotsenso satifiketi ya 2023 mu db, Windows imene inali bwinobwino n'kuleka kubuta. Microsoft inachita kuika kafayilo ka `securebootrecovery.efi` mu `C:\Windows\Boot\EFI` kobwezeretsera satifiketi imeneyo chifukwa cha vuto lomweli. Batani limenelo likhale lomaliza kuliganizira.

Chimene ndinachita n'chotere. Ndinathimitsanso Secure Boot, Windows inalowa, ndinailumikiza pa intaneti n'kuisiya itsitse maapudeti onse mpaka inaleka kupeza ena. Zinadya bandulo yambiri ndi masana onse, koma popanda maapudeti amenewo mafayilo a 2023 sakhalamo mu Windows. Mudziwa kuti afika mukaona foda ya `C:\Windows\Boot\EFI_EX`. Kenako mu Command Prompt ya Run as administrator:

```
mountvol S: /s
bcdboot C:\Windows /s S: /f UEFI /bootex
```

Mawu a `/bootex` ndiwo amauza `bcdboot` kuti itenge mafayilo osayinidwa ndi satifiketi yatsopano. Sindinakhulupirire kuti zatheka mpaka nditakopera `bootmgfw.efi` n'kuona Windows UEFI CA 2023 pa Issued by. Pamenepo ndinalowanso mu BIOS, n'kuyatsa Secure Boot osakhudza makiyi, ndipo laputopu inabuta. Lamulo la `Confirm-SecureBootUEFI` linayankha True, dbx nayonso True. BitLocker ndinaiyatsa pomalizira penipeni, Secure Boot itakhazikika, kuti isadzafunse kiyi mawa lake, ndipo kiyi yatsopano tinaitumiza ku ofesi kwawo chifukwa yakale ija inapita ndi Windows yakale.

Mayiwo anabweranso cha m'ma 4 koloko, atachoka kukatumiza malipoti pa kompyuta ya mnzawo ku Luwinga.

"Ndiye ikadzavutanso ndidzatani, achimwene?"

"Mudzabwere nayo mayi. Koma muwauze a ku ofesi apange fulashi yatsopano ya Windows, aiyese pa laputopu imodzi mwa zanuzi, aisunge pamodzi ndi makiyi. Imene ali nayo panopa, ngati ndi yakale, singabute pa ina iliyonse."

Usiku womwewo ndinatsitsa ISO yatsopano pa bandulo ya usiku n'kupanga fulashi yachiwiri. Ndinaiyesa pa Dell ya pa tebulo ija ndipo inakanidwa, poti db yake inalibe satifiketi ya 2023. Nditailowetsa ndi `0x40` n'kuyatsanso, fulashi inabuta mpaka pa sikirini yosankhira chilankhulo.